Madzi akuya satungidwa ndi chingwe chachifupi

Mwadzuka bwanji, abale ndi alongo? Mawu athu m'mawa uno akuchokera pa Miyambo 20:5, pamene akutiuza kuti za mumtima mwa munthu zili ngati madzi akuya, koma munthu wozindikira amawatunga. Ndikulankhula makamaka ndi inu kholo amene mwagona mochedwa usiku wathawu, maso ali pa chitseko chotseka cha mwana wanu.

Ine ndinakhalapo pamenepo. Mnyamata wanga anali wolongolola moti nthawi zina ndinkachita kumupempha kuti apumeko. Atakwanitsa zaka 15 anangoti zii. Akabwera kusukulu, molunjika kuchipinda. Ndikamufunsa kuti waswera bwanji, yankho linali “bwino”. Ndikati chavuta n'chiyani, “palibe, Amayi”. Tsiku lina ine ndi bambo ake tinamukhazika pansi ngati tikuzenga mlandu. Wayamba kusuta? Kuli mtsikana? Takulakwira chiyani? Iye maso pansi, chala chikukanda mkono wa mpando. Pomaliza tinamulanda foni. Chimene tinapindula n'chakuti ngakhale “bwino” uja anasiya kumunena.

Ndinadzaphunzira mochedwa, powerenga 1 Mafumu 19. Eliya, atachoka pa chigonjetso cha pa phiri la Karimeli, anaopsezedwa ndi Yezebeli n'kuthawa. Anasiya mnyamata wake ku Beereseba, nayenda yekha ulendo wa tsiku limodzi m'chipululu, n'kukhala pansi pa mtengo, n'kupempha kuti afe. Taonani dongosolo la Mulungu. Mngelo sanabwere ndi mafunso. Anamukhudza, namuuza kuti adzuke adye, ndipo kumutu kwake kunali mkate ndi mtsuko wa madzi. Eliya anadya n'kugonanso, osayamika n'komwe. Mngelo anabweranso kachiwiri ndi zomwezo. Funso loti akuchita chiyani kumeneko linadza atayenda masiku 40 kukafika ku Horebu, ndipo Yehova sanali m'mphepo, m'chivomezi kapena m'moto, koma m'mawu apansipansi. Funsolo linafunsidwa kawiri, Eliya n'kuyankha chimodzimodzi kawiri konse, akudandaula kuti watsala yekha. Sizinali zoona, panali ena 7,000 amene sanagwadire Baala. Koma zimenezo Mulungu anamuuza kumapeto, atamumvetsera kaye.

Ife makolo timayambira kumapeto. Timayamba ndi kukonza, kenaka mafunso, ndipo kukhala naye pafupi timakukumbukira zinthu zitathina.

Ndinasintha zinthu zing'onozing'ono. Ndinasiya kumuitana kuti “tikambirane”, chifukwa kwa wachinyamata mawu amenewo amamveka ngati samani. M'malo mwake madzulo aliwonse ndinkamupempha kuti azitsukuluza mbale ine ndikutsuka. Anthu awiri oima phewa ndi phewa, manja ali pa ntchito, sayang'anana m'maso, ndipo mwana amalankhula mosavuta pamene sakuyang'anitsitsidwa. Masiku oyamba sindinafunse kanthu. Ndinkangomufotokozera za tsiku langa, ngakhale zimene zinandichititsa manyazi kuntchito.

Patapita masiku angapo ndinanena chinthu chimodzi chokha, chimene ndinaona ndi maso anga: “Mwanawe, ndaona kuti mpira unasiya, ndipo nyale yako imayaka mpaka usiku kwambiri. Sindikukalipa. Ukafuna kunena, ndilipo.” Ndinatseka pakamwa. Apa ndiye povuta, abale. Lilime limayabwa kuti liwonjezere ulaliki, koma ndinawerenga chamumtima mpaka 20, n'kupitiriza kutsuka. Sanayankhe tsikulo, ngakhale mawa lake. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Inali sabata yachitatu pamene ananena, akupukuta poto, nkhope italoza kukhoma: “Amayi, kodi munthu angasinthe sukulu pakati pa chaka?” Nkhani inatuluka pang'onopang'ono. Anzake ena anamujambula akusinza m'kalasi, chithunzicho n'kuyenda m'mafoni ndi mawu onyoza, ndipo dzina lachipongwe linamumatirira. Pakamwa panga panabwera mawu awiri, onse olakwika. Oyamba: “Basi, zomwezo?” Achiwiri: “Mawa ndikupita kwa ahedi.” Ndinawameza, n'kumufunsa ngati akufuna kuti ndichitepo kanthu kapena ndingomvetsera kaye. Anati ndimvetsere. Patapita masiku awiri, iye mwini anasankha mphunzitsi amene ankamukhulupirira, ndipo tinapitira limodzi.

Ndipatuke pang'ono kwa ife okonda mapemphero. Chimene mwana wakuuzani pakona musakachisandutse pempho la pemphero pagulu. Muuzeni Mulungu, ndi amene mwagwirizana ndi mwanayo. Akadzamva nkhani yake m'kamwa mwa mayi wina wa kutchalitchi, chitsime chija chidzatsekeka ndipo kuchitsegulanso kudzatenga nthawi yaitali.

Si kukhala chete kulikonse kumene kuli tsoka. Pa msinkhu umenewu mwana amafuna malo akeake, ndipo thupi lake limasinthanso nthawi ya tulo: tulo timabwera mochedwa usiku, komabe amafunikira maola 8 mpaka 10. Wogona maola asanu okha amakhala waukali ndi wosafuna kucheza ngakhale palibe chamuchitikira. Choncho yang'anani ngati cheteyo ndi wa panyumba pokha. Ngati mumamumva akuseka ndi anzake, akudya, akusamba, akupita kusukulu ndi kuchita zimene amakonda, kawirikawiri ndiye kuti akungokula, ndipo chofunika n'chakuti musamutalikire.

Zimasiyana chete akafalikira paliponse. Wasiya anzake, zimene ankakonda sizikumukomanso, kudya ndi kugona kwasintha kwambiri, magiredi agwa, akupsa mtima pa zinthu zazing'ono, ndipo zimenezi zapitirira milungu iwiri pafupifupi tsiku lililonse. Amenewo angakhale matenda a kukhumudwa, amene mwa achinyamata amaoneka kawirikawiri ngati ukali osati misozi. Mupite naye kwa dokotala kapena kwa mlangizi wodziwa za umoyo wa maganizo. Kutero si kuchepa chikhulupiriro. Eliya anapatsidwa mkate ndi tulo asanamve mawu.

Ndipo mukamva mawu onga “kukanakhala bwino ndikanapanda kubadwa”, mukaona mabala odzicheka pamikono, kapena akayamba kugawa zinthu zake zimene amazikonda, musadikire sabata yachitatu ngati ine. Mufunseni mwachindunji, modekha: “Kodi umaganizapo zodzipha?” Makolo ambiri amaopa kuti funsoli limuika ganizo m'mutu, koma silitero, nthawi zambiri limamupeputsa. Akavomera, musamukalipire kapena kumuopseza ndi gehena. Musamusiye yekha, chotsani mankhwala ndi ziphe pamene angazifikire, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Tipemphere. Atate, Inu amene munadikira Eliya masiku 40, gwirani lilime langa madzulo ano pamene mwana wanga adzati “palibe”. Ndipatseni maso oona ngati akungokula kapena akumira, ndi mtima wogogoda pachitseko chake ndisanalowe. M'dzina la Yesu, Amen.