Za ma meseji oduka aja, zomwe anayankhula mayi oyang'anira makalabu a alimi a tiyi pa nkumano ku Thyolo

Zikomo amfumu, zikomo a komiti, ndi nonse amene mwasiya ntchito kuti mubwere. A kumbuyoko senderani kuno dzuwa lapita kale uko. Ine sinditalikitsa ayi, ndabwera ndi nkhani imodzi basi, ya Lachinayi lija. Nonse mukudziwa, anthu khumi ndi atatu analawira ndi nkhungu ija kukathyola tiyi, afika pa shedi ndi mabasiketi odzadza, kudikira mpaka 2 koloko galimoto osaoneka, masamba kuyamba kutentha m'basiketimo mpaka kufiira, tsiku lonse kupita pachabe. Ndiye anthu akuti mlembi sanatiuze. Mlembi naye akuti ndinayankha aliyense amene anandifunsa. Ine ndaona mafoni onse awiri ndipo onse akunena zoona, ndiye tiyeni tione pamene panaphonyeka.

Mayi wina uyu ali apayu, sinditchula dzina, anatumiza meseji kufunsa kuti kodi galimoto ibwera mawa? Mlembi wathu ali ndi foni ya tachi, yankho anali atalemba kale pa gulu la WhatsApp, ndiye anangokopa lonselo nkuliponya pa meseji wamba. Linayamba ndi moni wa mu dzina la Ambuye, kenako kuthokoza chifukwa cha msonkhano watha, kenako timanja topemphera tija ndi kamtima, kenako kufotokoza kuti mseu wawonongeka ndi mvula, ndiye kumapeto kwenikweni ndi kumene kunali mau oti galimoto sibwera. Ndinawerenga zilembo zake, 380. Pa foni ya mabatani ya mayiwa panafika moni ndi kuthokoza ndi timabokosi topanda kanthu, nkuthera pa mau oti "galimoto yathu ya mawa". Basi. Inu mukanatani? Akanakhala ine ndikanathyolanso.

Ndiye mvetsani apa, chofunika chiyambe. Ndibwereza kangapo lero mpaka mutope nane. Chofunika chiyambe.

Meseji wamba si WhatsApp. Ili ngati basiketi, ili ndi pothera. Meseji imodzi imanyamula zilembo 160, ndipo akamawerenga sawerenga zilembo zokha ayi, mpata umene mwasiya pakati pa mau nawo ndi chilembo, kadontho ndi chilembo, kudumpha kupita mzere wina ndi chilembo. Mukapyola 160 foni siikukanizani, imangodula uthengawo m'zidutswa, ndipo chidutswa chilichonse chimatenga 153 osati 160, chifukwa malo enawo amalembapo ka chizindikiro kouza foni ya mnzanuyo kuti ichi ndi choyamba ichi ndi chachiwiri ilumikize. Zidutswazo zimayenda chilichonse pachokha ngati ana opita kusukulu, wina afika wina watsalira kumtsinje. Kuno kwathu netiweki mukuidziwa, ukatsikira kudambo yathawa, ukwere pachulu ndi pomwe ibwere. Komanso timafoni tathu tamabatani timadzadza msanga, ma meseji a malonda ndi a Airtel Money ndi Mpamba osafufuta chaka chonse, ndiye chidutswa chachitatu chikafika chimapeza mulibe malo.

Koma chimene chinandidabwitsa ine nditachiphunzira ndi ichi. Kaja ka 160 kamagwira ntchito ngati mwalemba ndi zilembo wamba zokhazokha. Mukangoikamo ka emoji kamodzi, kamodzi kokha, foni imasintha kalembedwe ka uthenga wonse ndipo meseji imodzi imatsika kufika pa zilembo 70, ikakhala yodulidwa 67 pa chidutswa. Ndiye werengani nokha, 380 ija popanda timanja ikanakhala zidutswa zitatu, koma ndi timanja ndi kamtima inakhala zidutswa zisanu ndi chimodzi, 6. Ndipo kulipira mumalipira pa chidutswa, kaya ndi mayunitsi kaya ndi bandulo imadya choncho. Kalabu ya anthu 40, ma meseji 240 m'malo mwa 40, kenako mlembi akubwera ku komiti kuti ndalama ya mayunitsi yatha pa sabata imodzi, ife nkumamuganizira zoipa mwana wa eni.

Si emoji yokha. Aphunzitsi muli pano, inu okonda Chichewa cholongosoka, ka w kokhala ndi kachipewa kaja, ŵ, ka mu Malaŵi, nakonso kamagwetsa meseji kufika pa 70 chifukwa sikali m'gulu la zilembo wamba za meseji. Pa bolodi lembani ndithu, koma pa meseji lembani w wamba palibe asochere. China ndi kankhodolero kaja timaika mu m'mawa kapena ng'ombe. Kali mitundu iwiri, kowongoka ndi kopindika. Kowongoka kalibe vuto, kopindika kamene kamabwera mukakopa zinthu zolembedwa pa kompyuta ndi kamene kamagwetsa. Mafoni ena amakonza okha, ena ayi, ndiye musadalire. Kudziwa kwake nkosavuta, mukamalemba yang'anani timanambala tating'ono pakona pa sikirini, timakuuzani zilembo zatsala ndi ma meseji angati. Mukaona nambala yagwa mwadzidzidzi kapena yalumpha kuchoka pa 1 kufika pa 3 inu mutangowonjezera kanthu kamodzi, kanthu komweko ndiye mfiti yake, kafufuteni.

Nanga tinyenyezi tija? Pa WhatsApp mukaika nyenyezi uku ndi uku mau amakhuthala. Pa meseji wamba kulibe zimenezo, munthu amangoona *sibwera* ndi nyenyezi zakezo, ndipo agogo anga ena anandifunsapo kuti kodi ndiyimbe nambala imeneyi, poti anazolowera kuti nyenyezi ndi yoyambira poika mayunitsi. Mukafuna liu limveke mwamphamvu lilembeni ndi zilembo zazikulu, liu limodzi kapena awiri, osati meseji yonse ngati mukukalipa.

Taonani mmene yankho lija likanakhalira, ndalemba pa pepalali.

Lachinayi 14 galimoto ya tiyi SIBWERA. Musathyole. Ibwera Lachisanu 15, 9 koloko mmawa pa shedi ya kumtunda. Mlembi wa kalabu

Zilembo 125, meseji imodzi, ndipo zatsala 35. Ngakhale itaduka pakati munthu wamva kale zoti asathyole. Chofunika chiyambe.

(Bambo wina: Pepani mayi, koma ndiye tizilembera akuluakulu popanda moni? Ine mwana atandilembera choncho ndinganene kuti ndi wamwano.)

Ee bambo mwafunsa bwino, ndipo ndimadziwa kuti wina afunsa. Ine sindinati moni ndi woipa ayi, inenso ndinaleredwa, sindingadutse pakhomo panu osagwada. Koma taganizani, nyumba yanu ikupsa inu muli kumunda, mwana wathamanga kudzakuuzani, mukufuna ayambe ndi mwadzuka bwanji, nanga kunyumba, nanga amayi? Mungamumenye ndi khasu lomwelo. Ulemu wa pa meseji ndi woti munthu wamkulu asavutike kutsika ndi batani kasanu ndi maso ake otopawo kufuna chimene mwamulembera. Ndipo malo a moni alipo, ndati zatsala 35 eti? "Moni bambo." ndi mpata wake ndi zilembo 12 zokha, ikani patsogolo palibe vuto, ikadali meseji imodzi. "Zikomo" kumapeto akwananso. Chimene ndikukana ndi moni wa mizere inayi, za ulaliki zija tisungire Lamulungu. Komanso ulemu uli mu mau momwemo, mukalemba kuti musathyole m'malo mwa usathyole mwalemekeza kale ndi chilembo chimodzi. Ndipo kwa amfumu kapena nkhani ya maliro, imeneyo si ya meseji nkomwe, imbani kapena pitani ndi miyendo, meseji ingotsatira yokumbutsa tsiku ndi nthawi. Mwakhutira bambo? Mwangogwedeza mutu koma ndaona simunakhutire, tikambirana pa thobwa.

Pali kena kamene ndakaona mu mafoni a alembi ambiri, kuyankha kuti "Eya" basi. Munthu wafunsa m'mawa kuti msonkhano ulipo, masana wafunsanso kuti kodi tibwere ndi ndalama, inu madzulo mukuti Eya. Eya wa chiti? Pa WhatsApp mumakoka funso lija yankho nkukhala pansi pake, pa foni ya mabatani meseji iliyonse imatsekulidwa payokha, funso lake saliona. Ndiye yankho lizinyamula funso lake, "Eya msonkhano ulipo Loweruka, ndalama musabwere nazo." Kufupikitsa sikutanthauza kuumira mau mpaka munthu aziombeza.

Chimodzimodzi liu loti mawa. Ine linandigwetsapo ndekha, ndinalembera mlamu wanga wa ku Thekerani kuti tikumane mawa pa Luchenza, foni yake inali yozima ili kotchajitsa ku gulosale, anakaitenga tsiku lotsatira, meseji nkulowa pamenepo, mawa lake linakhala lina langa lina, ine ndinakhala pa siteji mpaka kudya mandasi atatu ndi mkwiyo. Lembani dzina la tsiku ndi deti yake, mwaona ndalemba Lachinayi 14, sindinalembe mawa. Ndipo achinyamata inu ndi zidule zanuzo, mw, kodi ndi mawa, mwezi kapena mwana? Pa chibwenzi chanu lembani mmene mufunira, za kalabu lembani liu lonse. Makamaka timau toti "si" ndi "musa", timeneti musatidule ngakhale pang'ono, ibwera ndi sibwera zimasiyana ndi chilembo chimodzi koma ndi chimene chinaononga mabasiketi khumi ndi atatu.

Ndaona ena ayamba kuyang'ana kumwamba, mitambo ija yakuda, ndithamange. Alembi, mukalandira funso musakope za pa WhatsApp, lembani mwatsopano. Yankho lenileni poyamba, kenako tsiku, deti, nthawi, malo, chifukwa chake chibwere kumapeto ngati malo alipo, za mseu woonongeka anthu akazimva ku shedi. Emoji ayi, nyenyezi ayi. Zinthu zikakhala zingapo musazindandalike mizere mizere, ingoikani 1) 2) 3) mu mzere umodzi. Yang'anani kanambala pakona kakhale pa 1. Ikakana kukwana lembani ma meseji awiri osiyana iliyonse yomveka payokha, imodzi ya galimoto ina ya ndalama. Dzina la udindo wanu kumapeto nthawi zonse, poti masiku ano akuba pa foni achuluka munthu adziwe kuti ndi inu, ndipo za PIN sitifunsa pa meseji ife. Musanatumize kwa anthu 40 yambani mwatumiza ku foni ya mabatani ya kunyumba kwanu muone mmene yafikira. Enanu kafufuteni ma meseji akale usiku uno, amene sadziwa apatse mdzukulu. Chofunika chiyambe, mwamva alembi?

Amene tiyi wawo anaonongeka Lachinayi mutsale pang'ono tilembe maina, a mpando akufuna akaipereke nkhaniyi ku komiti yaikulu. Amfumu, ndabweza kwa inu.