Kutsata lupu 101 pa P&ID ndi chala

Chabwino, yandikirani pang'ono pepalali nonse mulione. Imeneyi ndi P&ID, chojambula chosonyeza mapaipi ndi zida zoyezera, ndipo titsata lupu 101, gulu la zida zogwirira ntchito limodzi. Inu achimwene mwangoyamba kumene ntchito, bwerani kutsogolo kuno chala chanu ndi chimene tigwiritse ntchito.

Yambani pa mzere wonenepawu, imeneyi ndi paipi yeniyeni yodutsa madzi. Mukaitsata mufika pa bwalo ili lomwe lili ndi kamzere kotulukira cham'mwamba, ndi pampu ya sentirifyugo imeneyo, yalembedwa P-20A. Inzake P-20B ili pambali kudikira tsiku limene iyi idzatope. Kutsogolo kwa pampu kuli cheki valavu, ntchito yake kuletsa madzi kubwerera pampu ikazima. Ndiye timakona titatu tiwiri togundana nsongati ndi valavu yotsegula ndi manja. Akaidetsa yonse ndi inki, malo ambiri ndiye kuti imakhala yotseka, koma onani kaye tsamba loyamba lofotokoza zizindikiro chifukwa makampani amasiyana.

Tsopano pa thankipa. Kabwalo aka kalembedwa LT 101. Chilembo choyamba chimanena chimene tikuyeza, L ndi levulo, kuti madzi afika pati. T ndi thiransimita, chida chotumiza muyezowo. Kabwaloka kalibe mzere pakati, ndiye chidacho chili panja pathanki pomwepo mutha kukachigwira. Uyu winayu LIC 101 ali mu bwalo lokhala m'kabokosi, mzere wadutsa pakati, musavutike kumufuna panja ameneyu, ali pa sikirini mu kontirolo rumu, I ndiye kuti amaonetsa levulo, C ndiye kuti amalamula valavu. Mzere wodukaduka wowalumikizawo si paipi ayi, ndi waya wotumiza muyezo ndi magetsi a 4 mpaka 20 mA. Thanki yathu tinene ikuyezedwa mamita 2. Ikakhala yopanda kanthu choyezera magetsi chanu chiwerenge 4 mA, ikadzadza 20, madzi akafika mita imodzi 12. Mukaona 0 musathamange kukanena kuti thanki yauma, waya waduka kapena thiransimita ilibe magetsi.

Pitirizani ndi chala. Mufika pa valavu yovala kachipewa ngati bowa, LV 101, imeneyi siitsegulidwa ndi munthu koma mpweya, ndipo kamzere kokhala ndi timizere tiwiritiwiri topingasati ndi chubu cha mpweyawo. Nambala ndi imodzi monsemo, 101, banja limodzi.

Pansi pake pali FC, ndipo apa ndi pomwe ine ndinachitapo manyazi ndili wophunzira. Kompuresa inazima usiku, madzi anasiya kulowa m'thanki, ine kalikiliki kumasula pampu yabwinobwino mpaka abwana anabwera nkungoloza zilembo ziwirizi osayankhula. FC ndiye kuti mpweya ukatha sipuling'i imaitseka valavu yokha, anachita dala kuti thanki isasefukire. Ikanakhala FO bwenzi itatseguka. Ndiye mukaona sikirini ikulamula 100% koma madzi sakubwera, pitani kaye pa geji ya mpweya pa valavupo, sipanala isiyeni m'thumba. Eya amayi kumbuyoko, funsani.