Ana asanalowe m'bwalo: momwe mungayenderere maenje, magolo ndi kutentha

Aphunzitsi a zamasewera, konzani pepala ndi cholembera, tiyendere limodzi bwalo la pasukulu. Pepalalo mulijambule mizere isanu: choopsa nchiyani, mwayi woti chivulaze munthu ndi wotani, kuvulalako kungakule bwanji, tichitapo chiyani, ndipo achite ndani pofika liti. Mzere wachiwiri ndi wachitatu mumaikamo nambala kuyambira 1 mpaka 5, kenako nkuzichulukitsa. Chimene chatuluka ndi nambala yaikulu ndicho mumayamba nacho. Ndikufuna muonetsetse chinthu chimodzi: chimene chimavulaza ana kawirikawiri si ndicho chimene chingaphe mwana.

[Chithunzi: mphunzitsi akuyenda pang'onopang'ono m'bwalo, maso ali pansi]

Tiyambe ndi nthaka. Bwalo siliyenderedwa mutaima pakhonde. Yendani kuchoka ku golo ina kufika ku inzake, mubwerere motsatira mzere wina, mpaka bwalo lonse lithe. Udzu ukatalika umabisa maenje, choncho phazi lanu ndilo limve. Malo amene amakumbika msanga ndi kutsogolo kwa golo, pamene goloboyi amapondaponda, ndi pakati pa bwalo. Yang'ananinso zitsa, miyala, mabotolo osweka ndi ngalande zimene mvula yakumba. Kunja kwa mzere kukhale mpata wa mamita pafupifupi 3 wopanda mtengo, benchi kapena khoma, chifukwa mwana amene ali paliwiro saima pamzere penipeni.

Tinene kuti mwapeza dzenje lolowa phazi mpaka m'kakolo. Mwayi woti wina apondemo ndi waukulu, tiike 4. Kuvulala kwake nthawi zambiri ndi kubinya, tiike 2. Zonse pamodzi ndi 8. Likwirireni ndi dothi pang'onopang'ono, mukutsendera gawo lililonse, chifukwa dothi longothira limatitimira mvula ikangogwa. Ngati simungathe lero, ikanipo chizindikiro ndipo masewera asunthire mbali ina.

[Chithunzi: golo yachitsulo yonyamulika, kamera ikuyandikira pansi pake]

Tsopano golo. Golo ya akuluakulu ndi yotambalala mamita 7.32, yotalika mamita 2.44. Kulemera kwake kwambiri kuli kutsogolo, pa mapolo awiri ndi chitsulo chopingasa pamwamba. Ngati ndi yonyamulika ndipo kumbuyo sikunamangidwe pansi, mwana mmodzi akangolendewera pachitsulocho, golo yonse imagwera kutsogolo, ndipo chitsulo chimafikira pamutu, pakhosi kapena pachifuwa. Ana afapo motere m'mayiko osiyanasiyana, ndipo kawirikawiri sipakhala pa mpikisano ayi, koma pa nthawi yopuma kapena ataweruka, pamene palibe wamkulu. Nchifukwa chake malamulo a mpira amanena kuti golo iliyonse, ngakhale yonyamulika, ikhale yogwira pansi zolimba.

Golo imeneyi mwina sinagwepo chiyambire, ndiye mwayi tiike 3. Koma zotsatira zake ndi imfa, ndiye 5. Yatuluka 15, pafupifupi kawiri nambala ya dzenje lija. Ine golo yotere sindiilola kudikira mawa.

Poyesa, chotsani ana onse pafupi, mukhale akuluakulu awiri. Imani kumbuyo kwa golo, osati kutsogolo kumene ingagwere, muikankhe ndi kuigwedeza. Chitsulo cha pansi chakumbuyo chikangonyamuka ngakhale pang'ono, yalephera. Imangidwe ndi zikhomo zokhomera pansi kapena zolemera zimene anaipangira, ndipo kumbukirani kuti zikhomo zimene zinagwira bwino nthaka ili youma zimazuka mosavuta ikanyowa. Masewera akatha, magolo awiri onyamulika muwayang'anitse, muwamange pamodzi ndi tcheni ndi loko, kapena muwamangirire ku mpanda wolimba.

Golo yokumbira pansi nayonso musaikhulupirire ndi maso okha. Gwadani, fukulani dothi pang'ono m'tsinde mwa polo. Dzimbiri limadya chitsulo pamalo pamene chakumana ndi nthaka yonyowa, pamwamba penti ikuwalabe. Gogodani ndi hamala: pakaphwanyika makoko a dzimbiri kapena pakabonyoka, polo yatha. Ikakhala yamtengo, bayani ndi sikuludiraiva, ikalowa mosavuta ndiye kuti yawola kapena chiswe chadya m'kati. Onani m'makona momwe anawotcherera ngati mulibe ming'alu, ndi mabawuti ngati ali omanga. Ngowe zachitsulo zokolekera neti zichotsedwe. Mwana akalumpha kuti akole neti, mphete kapena chala chimakodwa pamenepo thupi lonse likutsika. Neti imangidwe ndi chingwe kapena timapulasitiki.

[Chithunzi: dzuwa lili paliwombo, ana akumwa madzi pamthunzi]

Kutentha nkosiyana ndi ziwirizi, chifukwa kumasintha ola lililonse. Bwalo limene linali bwino 8 koloko m'mawa lingakhale loopsa 1 koloko masana. Nambala ya madigiri payokha siikwanira. Thupi limazizira thukuta likamauma pakhungu, ndiye mpweya ukakhala wachinyezi komanso kopanda mphepo, thukuta limangoyenderera osauma, ndipo thupi limapitiriza kutentha. Kachipangizo koyeza muyeso wotchedwa WBGT kamaphatikiza kutentha, chinyezi, mphepo ndi ukali wa dzuwa. Ku FIFA, muyeso umenewu ukaposa madigiri 32, osewera amapumitsidwa kuti aziziritse thupi. Amenewo ndi akuluakulu ozolowera, choncho kwa ana muyambe kusamala nambalayo isanafike pamenepo.

Papepala paja, mpikisano wothamanga wa masana m'nyengo yotentha tingauike 3 kuchulukitsa ndi 5, yomwenso ndi 15. Mukausunthira m'mawa, nkuika madzi ndi mthunzi pambali pa bwalo, nkumapumitsa ana mphindi 15 kapena 20 zilizonse, mwayi umatsika kufika pa 1, nambala nkukhala 5. Lembaninso ana ofunika diso lapadera: amene angodwala kumene malungo kapena kutsegula m'mimba, onenepa kwambiri, ndi amene akhala nthawi osasewera. Thupi limatenga sabata imodzi kapena ziwiri kuti lizolowere kugwira ntchito padzuwa, nchifukwa chake masiku oyamba a teremu masewera ayambe mopepuka.

Mwana akamadandaula mutu, chizungulire, nseru kapena kukokana kwa minofu, mutulutseni, agone pamthunzi, mumasuleni zovala, amwe madzi pang'onopang'ono, mumupepese ndi nsalu yonyowa. Pakatha mphindi 30 osasintha, apite kuchipatala, ndipo ngakhale atapeza bwino tsiku limenelo asabwererenso m'bwalo. Koma akayamba kuyankhula zosamveka, kudzandira, kulusa popanda chifukwa kapena kukomoka, apo nkutheka kuti thupi latentha kupitirira madigiri 40, ndipo moyo uli pachiswe. Musanyengedwe poona kuti akutulukabe thukuta. Wina aimbe foni kuitana ambulansi, inu muyambe kumuziziritsa pomwepo: mumuviike m'madzi ozizira mpaka m'khosi mutu mutaugwira, kapena mumuthire madzi thupi lonse mosalekeza wina akumukupiza. Mwana amene sakuzindikira bwino zimene zikuchitika musamumwetse kanthu, angatsamwe. Choncho pandandanda wanu palembedwe kumene madzi ambiri ali, amene ali ndi foni, ndi geti imene galimoto ingalowere.

[Chithunzi: pepala lodzazidwa, chala chikuloza mzere womaliza]

Mzere womaliza musaulembe kuti "sukulu ikonza". Lembani udindo wa munthu mmodzi ndi tsiku, mwachitsanzo woyang'anira malo akhome zikhomo za golo lero ana asanatuluke, ndipo inu musaine mutaigwedezanso nokha. Kuyendera kwachidule kuchitike masewera aliwonse asanayambe, kwathunthu kamodzi pa teremu, komanso nthawi iliyonse kukagwa mvula yamphamvu, golo ikasunthidwa, kapena mwana akavulala.