Tebulo la pa bolodi lija, tilikonze chonchi

Asisi, mwaswera bwanji? Chithunzi cha bolodi la kumsonkhano chija ndachiona, ndipo ndamva kuti mukufuna kulemba tebulo lake m'manotsi athu a Markdown. Ndati ndingolankhula, kulemba kungatalike. Musanakhudze kompyuta, chikulitseni chithunzicho pa foni, muwerenge bolodi lonse kaye mpaka pansi. Zolemba za pa bolodi zimamveka kwa amene anali mumsonkhano, koma amene adzatsegule manotsi athu mawa sadzaona mivi ija, kapena dzanja la amene ankaloza. Ntchito yaikulu ndiye ili pamenepo.

Ine ndikuona mizere yotsika inayi: ntchito, woyang'anira, tsiku, ndalama. Mukatsimikiza kuti ndi inayi, mzere uliwonse wopingasa ukhale ndi timabokosi tinayi, osaposera.

Tsopano kalembedwe ka Markdown, njira yolembera mawu wamba ndi zizindikiro zomwe pulogalamu imazisandutsa tebulo kapena mitu. Timabokosi timalekanitsidwa ndi kamzere koimirira kaja, `|`. Pa makiyibodi ambiri mumakapeza mukadina Shift pamodzi ndi batani la `\`, pafupi ndi Enter. Mzere woyamba ndi wa mitu. Wachiwiri ndi wa timizere togona, ndipo umenewu ndi umene umauza pulogalamu kuti ili ndi tebulo. Ndaika chitsanzo apa:

```
| Ntchito | Woyang'anira | Tsiku | Ndalama (K) |
|---|---|---|---:|
| Kusindikiza mafomu | Mlembi | Lachiwiri | 45,000 |
| Kugula mafuta | Dalaivala | Lachiwiri | 120,000 |
| Kuitana mafumu | Mlembi | Lachinayi | |
```

Timadontho tiwiri tomwe tili kumapeto kwa `---:` tikukankhira manambala kumanja, kuti 45,000 ndi 120,000 zindondozane bwino, munthu aone msanga yaikulu. Musavutike kuyalanitsa timizere toimirirato kuti tioneke mowongoka, pulogalamu siyang'ana zimenezo. Koma siyani mzere wopanda kanthu pamwamba pa tebulo, chifukwa mapulogalamu ena amaliphatikiza ndi ndime yapamwamba.

Tibwerere ku bolodi. Pa "Kugula mafuta" sanalembe tsiku, anangoika timakoma tiwiri tosonyeza kuti n'chimodzimodzi ndi pamwamba. Inu lembani "Lachiwiri" lonse. Tsiku lina wina adzalowetsa mzere watsopano pakati, ndiye timakomato tidzayamba kuloza tsiku lolakwika. Chimodzimodzi pamene anajambula bokosi limodzi lalikulu lokuta mizere iwiri. Tebulo la Markdown silitha kuphatikiza mabokosi, ndiye mawuwo mungowabwereza m'mizere yonse iwiri.

Pali muvi wochoka pa "Kuitana mafumu" kupita kwa mlembi, dzina la wapampando atalikhwatcha. Lembani chomwe msonkhano unamanga, ndiye kuti mlembi. Ngati kusinthako n'kofunika kukumbukira, kulembeni m'chiganizo pansi pa tebulo, osati kupanikiza m'kabokosi. Kabokosi kamafuna mzere umodzi. Mukadina Enter m'kati mwake, tebulo laduka. Pa GitHub, tsamba la pa intaneti losungirapo mafayilo, mutha kuika `<br>` kuti mawu atsikire pansi, koma si paliponse pamene zimagwira.

Nambala ya mafuta ija yomwe kuwala kwa windo kwaphimba, chonde musalote. Kaya ndi 120,000 kaya 170,000, kusiyana kwake ndi ndalama zenizeni. Ikani `120,000 (?)`, kenako mufunse amene anagwira cholembera lero lomwe, asanaiwale. Pomwe pa bolodi panalibe kanthu, siyani kabokosi kopanda kanthu ngati mzere womaliza uja. Musaike 0, chifukwa 0 akutanthauza kuti anagwirizana kuti sipafunika ndalama.

Apa ndiye mumvetsere bwino, chifukwa vuto ili silidzionetsa. Mzere wa mitu ndi wa timizere togona ikasiyana chiwerengero cha timabokosi, tebulo silituluka n'komwe, mumangoona mawu ndi timizere tili mbwee. Limenelo ndi losavuta, mumaliona nthawi yomweyo. Koma pa GitHub, mzere wa m'kati ukakhala ndi timabokosi tisanu m'malo mwa tinayi, kachisanuko kamangotayidwa mwakachetechete, tebulo n'kumaoneka labwinobwino. Zimachitika mukalemba `|` m'kati mwa mawu, monga "mafuta | oyilo". Zonse zimasunthira kumanja: oyilo amakhala woyang'anira, dalaivala amalowa pa tsiku, ndalama n'kusowa. Ngati kamzereko kakufunikadi m'mawu, kalembeni chonchi: `\|`. Mzere ukaperewera kabokosi, pulogalamu imawonjezera kopanda kanthu kumapeto, ndiye mukaiwala tsiku, ndalama zimakakhala pansi pa "Tsiku".

N'chifukwa chake mukamaliza, dinani Preview, batani loonetsa mmene tebulo latulukira, muike chithunzi pambali, muwerenge mzere ndi mzere ndi chala. Ngati pa bolodi analemba chiwonkhetso, wonkhetsaninso manambala anu muone ngati zikufanana.

Chithunzicho musachitaye, chiikeni pansi pa tebulo m'manotsi momwemo, kuti wokayika adzionere yekha. Ndipo tebuloli musalimate pa WhatsApp, kumeneko limangotuluka ngati timizere basi. Ku gulu tumizani linki ya manotsi. Mukafika pa Preview paja munditumizire chithunzi, ndione nawo nambala ya mafuta ija.