Kunenerera mtengo pa imelo popanda kukhumudwitsa wogulitsa

Omvera athu kulikonse kumene muli, lero tikambirane za mmene mungapemphere wogulitsa katundu kuti akutsitsireni mtengo kudzera pa imelo, koma iye nʼkukhalabe wokondwa kuchita nanu malonda mawa. Akuluakulu anati malonda ndi mʼmaso, ndipo vuto la imelo lagona pomwepo, chifukwa wogulitsayo sakukuonani. Mawu amene mungawanene mukumwetulira mumsika wa Limbe, onena kuti katunduyu wadula, akalembedwa amamveka ngati mukumunena munthu kuti ndi wakuba. Komanso zolembedwa sizifufutika: kalata yanu ikhoza kuwerengedwa ndi abwana ake, ngakhale patapita miyezi.

Tiyerekeze kuti ndinu woyangʼanira chuma pa sukulu ina yoyima payokha ku Dedza, ndipo mukufuna mapaketi 200 a mapepala olembera mayeso. Wogulitsa wa ku Lilongwe wakutumizirani koteshoni yonena kuti paketi imodzi ndi K12,000, kutanthauza K2,400,000 onse pamodzi, kuwonjezerapo K150,000 yodzakutulirani katunduyo, ndipo walemba kuti mtengowu ugwira ntchito kwa masiku asanu ndi awiri okha.

Musanatchule nkomwe zotsitsa, yambani mwathokoza ndi kufunsa mafunso. Funsani ngati msonkho wa VAT uli kale mʼkati mwa K12,000 ija kapena udzawonjezeredwa pa invoisi, chifukwa anthu ambiri amakangana ndi wogulitsa pa tsiku lolipira atazindikira kuti mtengo umene ankanenerera unali wopanda msonkho. Funsaninso mtundu wa mapepalawo, ngati paketi iliyonse ili ndi mapepala 500, ndiponso tsiku limene katunduyo angafike. Mafunso otere amamusonyeza wogulitsa kuti ndinu wogula weniweni, osati wongozungulira kufunsa mitengo. Ndipo musadandaule za masiku asanu ndi awiri aja ngati kuti akukukakamizani. Mapepala ambiri amachokera kunja, ndipo amalonda sanaiwale za Novembala 2023 pamene ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene anali atalonjeza mitengo ya nthawi yaitali analuza kwambiri. Choncho mulemekezeni poyankha nthawi isanathe.

Tsopano tifike pa kalata yopempha kutsitsa, imene ndikufuna tikhalitsepo. Langizo langa lalikulu ndi lakuti musapemphe kanthu musanaike patsogolo chimene inuyo mukupereka. Kalata yongoti "chonde titsitsireni" imamusiya wogulitsa ndi njira ziwiri zokha, kuluza kapena kukukanani, ndipo zonse ziwiri zimasiya kachilonda. Ganizirani kaye chimene iye akuchisowa. Amalonda ambiri amavutika ndi ogula amene amatenga katundu nʼkulipira patatha mwezi kapena iwiri, ndalama itachepa kale mphamvu. Ngati sukulu yanu ingathe kulipira msanga, muli ndi chinthu chamtengo wapatali mʼmanja mwanu.

Mungalembe motere: "Zikomo kwambiri chifukwa cha koteshoni yanu komanso poyankha mafunso athu mwachangu. Mapepalawa tawakonda ndipo tikufuna kugula kwa inu. Ndalama zimene komiti yathu yavomereza zikufika pa K11,000 pa paketi. Ngati mungatilandire pa mtengo umenewu, tidzatenga mapaketi onse 200 nthawi imodzi ndipo tidzalipira ndalama zonse pasanathe masiku awiri chilandirireni invoisi. Ngati mtengowu ndi wovuta kwa inu, tiuzeni pamene mungafike kuti tione mmene tingakumanirane."

Tamvetserani mmene kalatayi yayendera. Sinanene kuti mtengo wawo ndi wokwera, yangonena pamene thumba lanu lalekezera, ndipo palibe munthu amakwiya chifukwa chakuti mnzake wamuuza kukula kwa thumba lake. Yatchula nambala imodzi yomveka, chifukwa mukalemba kuti mungalipire pakati pa K11,000 ndi K11,500, wogulitsa aliyense adzangomva yaikuluyo. Yathera ndi khomo lotsegula, kuti akafuna kukana akane popanda manyazi. Koma ndikuchenjezeni kuti zimene mwalembazo zikhale zoona. Ngati komiti sinaike malire amenewo, musanamizire komiti, ndipo ngati simungathe kulipira mʼmasiku awiri, musalonjeze.

Pali zinthu zina zimene zimawononga ubale mwamsanga. Kunama kuti wina wakupatsani mtengo wotsika kwambiri ndi koopsa, popeza amalonda a katundu mmodzi amadziwana ndipo amaoda malo amodzimodzi, motero amadziwa mtengo umene sungatheke. Ngati mulidi ndi koteshoni ina yotsika, nenani mwaulemu kuti mwalandira mtengo wina wotsikirapo koma mukanakonda kugula kwa iwo, osatumiza koteshoni ya mnzawoyo, chifukwa akaona mwaulula chinsinsi cha wina adzadziwa kuti chawonso mudzachiulula. Musaikenso abwana a munthu amene mukukambirana naye pa CC, malo olembapo anthu ena oti alandirenso imelo yomweyo, pofuna kumuopseza. Mwina mtengo utsika tsiku limenelo, koma tsiku limene mapepala adzasowe mʼtauni, munthu ameneyo sadzakusungirani ngakhale paketi imodzi.

Tinene kuti wogulitsa wayankha kuti K11,000 siingatheke, koma angafike pa K11,600. Apa mʼpamene ambiri amalakwitsa, polembanso kachiwiri ndi kachitatu kukankha mtengo womwewo mpaka mnzawo atatopa nʼkusiya kuyankha. Munthu akatsitsa kamodzi nʼkufotokoza chifukwa chake, muthokozeni, ndipo musunthire pempho lanu pa chinthu china chimene kwa iye nʼchotsika mtengo koma kwa inu nʼchachikulu. Dedza ili pa msewu wa M1, ndipo ngati wogulitsayo amatumiza kale galimoto ku Ntcheu kapena ku Blantyre, kutsitsa mapaketi anu panjira sikumudyera mafuta ambiri. Lembani kuti mwavomera K11,600, ndipo mukupempha ngati angakutulireni katunduyo popanda malipiro pa tsiku limene galimoto yawo ikudutsa kumeneko.

Tiwerengere limodzi. Poyamba mukanalipira K2,550,000 pamodzi ndi mayendedwe. Akanavomera K11,000 ija koma mayendedwe nʼkukhala anu, mukanalipira K2,350,000. Pa K11,600 ndi mayendedwe aulere, mulipira K2,320,000. Mwapeza zoposa zimene munapempha, ndipo wogulitsa sanafike pa mtengo umene anati sangathe.

Zizindikiro zakuti mwakoka chingwe mopitirira nʼzosavuta kuziona. Mayankho amayamba kuchedwa, moni amasowa, ndipo kalata imafupika kufika pa mzere umodzi. Mukaona zimenezi lekani kulemba, imbani foni, mulonjerane bwinobwino ndi kumva vuto lake. Inunso mukalandira yankho lokupsetsani mtima, musayankhe nthawi yomweyo, dikirani kuche.

Mukagwirizana, kaya pa foni kaya pa imelo, lembani kalata imodzi yomaliza mu ulusi womwewo wa makalata anu, yotchula chiwerengero cha mapaketi, mtengo wa paketi, nkhani ya msonkho, tsiku lolipira, tsiku lotula katundu, ndi chimene chidzachitike ngati mapaketi ena afika onyowa kapena operewera. Mupempheni ayankhe kuti wavomereza, ndiponso atumize invoisi yatsopano yokhala ndi mtengo umene mwagwirizanawo. Ikabwera imelo yonena kuti nambala ya akaunti ya ku banki yasintha, musatumize ndalama musanaimbe pa nambala ya foni imene mumaidziwa kale, chifukwa akuba amalowerera makalata otere. Kenako lipirani pa tsiku limene munalonjeza, ndipo katundu akafika muwerengeni pamaso pa dalaivala, nʼkulemba mizere iwiri yodziwitsa wogulitsa kuti mapaketi onse 200 afika bwino.