Ndiwo za sabata yonse zikonzereni kunyumba musanapite kumsika

Omvera athu, amayi ndi abambo, takulandirani. Lero tikambe za ndalama ya ndiwo, imene imatha Lachitatu pomwe munaikonzera sabata yathunthu. Kawirikawiri chimaimaliza ndi kugula tsiku ndi tsiku: kamafuta ka m'kapepala m'mawa, kamulu ka usipa masana, kajumbo ka makala madzulo. Wogulitsa aja anapikula zambiri n'kuzigawa timagawo, ndipo pa kagawo kalikonse aikapo phindu lawo. Mukamagula pang'onopang'ono, phindulo mumalipira kasanu ndi kawiri pa sabata.

Ndiye Lachisanu madzulo, musanaganize za msika, lowani kukhitchini. Suzumirani m'ndowa ya ufa, gwedezani botolo la mafuta, onani mchere, nsinjiro ndi nyemba zotsala. Kenako tengani kope lakale la mwana, mulembe masiku asanu ndi awiri, ndipo pa tsiku lililonse muikepo ndiwo. Nsima mukuidziwa kale, chimene chimasintha ndi ndiwo.

Tiyerekeze banja la anthu asanu ndi mmodzi, logula Loweruka, lopanda filiji. Yambani ndi zosachedwa kuwonongeka. Loweruka, nsomba yaiwisi kapena kanyama ngati thumba lalola, ndi mpiru. Lamulungu mazira ndi repu. Lolemba nyemba, ndipo muphike zokwanira nkhomaliro ndi mgonero pa moto umodzi. Lachiwiri usipa ndi nkhwani wotendera. Lachitatu nyama ya soya ndi kabichi, poti kabichi amapirira masiku angapo. Lachinayi nyembanso. Lachisanu, pamene ndalama yatsala pang'ono, mfutso wotendera ndi usipa wotsala uja. Mukatembenuza ndondomekoyi, mudzapeza mpiru wachita chikasu Lachinayi, mwataya ndalama kudzala.

Pa nyembapo ndichedwepo pang'ono. Anthu amati nyemba n'zotsika mtengo, koma amaiwala makala. Nyemba zouma, makamaka zakale, zimatha kukhala pambaula maola atatu. Zisankheni madzulo, muziviike m'madzi usiku wonse, m'mawa mutaye madziwo n'kuthira ena. Zimapsa msanga, ndipo makala amene mwapulumutsa aphikira nsima. Pogula, tapani pang'ono m'dzanja muone. Zikakhala ndi timabowo kapena kafumbi pansi pa chigoba, zafumbwa, zisiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo.

Tsopano ndalama. Igaweni pawiri musanatuluke. Mwachitsanzo, pa K10,000 iliyonse, K7,000 ipite ku zouma zogula kamodzi: nyemba, usipa, soya, mtedza wosinja, mafuta, mchere, anyezi. K3,000 yotsalayo ikhale kunyumba, m'kachitini, ya masamba ndi matimati a m'kati mwa sabata. Imeneyi musapite nayo kumsika, chifukwa ikafika kumeneko sibwerera.

Mukafika, musagule pa benchi yoyamba. Zungulirani kaye, mufunse mitengo malo atatu. Usipa gulani wa pa chigoba, osati wa timilu, ndipo ngati chigoba chakukulirani, gawanani ndi a neba. Ununkhizeni, muthyole kamodzi: wouma bwino amathyoka, wonyowa amapindika ndipo achita nkhungu sabata isanathe. Dziwaninso kuti asodzi amagwira usipa usiku ndi nyali, choncho mwezi ukamawala kwambiri, kapena mwera ukamawomba panyanja m'miyezi ya Juni ndi Julayi, usipa amachepa ndipo mtengo umakwera. Sabata yoteroyo musakakamire, ikanipo soya kapena nandolo.

Matimati musatenge ofiira okhaokha. Sakanizani: akupsa a lero ndi mawa, ena achikasu, ena obiriwirako, n'kuwayala pa lichero pamalo ozizira, osati m'jumbo. Nthawi ya dzinja matimati amadula, pamenepo tenderani masamba, nsinjiro sifuna matimati ambiri ndipo sifuna mafuta. Amene mumadutsa msewu wa M1, pa Lizulu kapena pa Jenda, matimati, anyezi ndi mbatatesi kawirikawiri zimatsikirako mtengo kuyerekeza ndi m'tauni, koma gulani zimene mungathe kumaliza.

Ufawo musauwerengere pa ndalama ya sabata ayi, ndi wa pamwezi. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 mukaligayitsa mgaiwa, pafupifupi lonse limabwerera kunyumba. Mukalikonoletsa kuti mupange ufa woyera, gawo lalikulu ndithu limapita ku madeya, ndipo kuchigayo mumalipira kawiri. Ngati ana sakonda mgaiwa, yesani gramilu, kapena sakanizani. Ndipo pezani kapu imodzi yoyezera ufa. Mkute ukamatsala tsiku lililonse, ndiye kuti mukuchulutsa: chotsaniko kapu imodzi pa mphika, muone ngati alipo adandaule njala.