Chidule cha chidule: mmene buku la komiti limayambira kunama

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo. Alembi a makomiti, sendezani mipando kuno, chifukwa nkhani ya lero ndi yanu kwambiri.

Pa msonkhano uliwonse mlembi amaimirira n'kuwerenga mwachidule zomwe zinakambidwa kale. Vuto lili pa komwe amachitenga chidulecho. Alembi ambiri satsegula masamba oyambirira a buku. Amatenga chidule cha mwezi watha, kuwonjezapo za mwezi uno, n'kufupikitsanso. Mwezi wamawa adzachita chimodzimodzi. Palibe amene wanama, koma pakatha miyezi inayi bukulo likunena zomwe sizinachitike.

Tiyerekeze ndi komiti ya mjigo. Mu Januwale mlembi walemba bwinobwino kuti: mjigo wawonongeka. Makaniko akuti pangafunike K60,000 ngati mapaipi sanabooke. Pa mabanja 40, mabanja 28 apereka K1,000 lililonse, ndipo 12 alonjeza kupereka akakolola. Msungichuma wapereka K10,000 kwa makaniko yokagulira zipangizo, lisiti libwera.

Mu Febuluwale chidule chikuti: pakufunika K60,000, tatolera K28,000, mabanja ena sanapereke, lisiti la K10,000 silinabwere. Mwaona zomwe zagwa? Kamawu kakuti "ngati" kapita. Zija zinali zongoyerekeza za makaniko, tsopano zasanduka mtengo weniweni. Lonjezo la pokolola lapitanso.

Mu Malichi mlembi akufupikitsa za Febuluwale: mabanja ena sakupereka, ndipo K10,000 ya kwa msungichuma ilibe lisiti. Makaniko wasowamo m'nkhani. Pofika Epulo, mwina mlembi wadwala ndipo wagwirizira wina yemwe mu Januwale kunalibe. Iye akuwerenga zimenezo, akuyesa kuzimvetsa, n'kulemba kuti: mabanja ena akukana kupereka, K10,000 inasowa m'manja mwa msungichuma.

Taganizani mayi ameneyo, msungichuma, atakhala pamphasa apo akumva zimenezi pamaso pa amfumu ndi apongozi ake. Izi n'zimene zimandipweteka mtima, chifukwa anthu okhulupirika amatula pansi udindo pa zifukwa ngati zimenezi. Ndipo mabanja 12 aja, chimanga chawo chikadali m'munda, akutchedwa kale okana.

Si ife tokha. Mu 1932, katswiri wina wa ku yunivesite ya Cambridge, Frederic Bartlett, anafalitsa zomwe anapeza atapatsa Angerezi nthano ya anthu a mtundu wina wa ku North America. Woyamba amaiwerenga n'kuilemba kuchokera m'mutu, wachiwiri amawerenga za woyambayo, choncho mpaka kumapeto. Nthanoyo inafupika, mayina a malo anagwa, ndipo zachilendo zinasanduka zozolowereka: anyamata omwe anapita kukasaka nyama za m'madzi anasanduka okawedza nsomba. Munthu akapeza mpata m'nkhani, amautseka ndi zomwe amazidziwa kale. Ndalama yopanda lisiti, mutu umathamangira kunena kuti yabedwa.

Ndiye mungadziwe bwanji kuti chidule chayamba kupotoka? Mvetserani mawu ang'onoang'ono. Chidule chikamveka chotsimikiza kuposa mmene munkalankhulira pa msonkhano, mopanda "ngati", "mwina" kapena "akuti", dziwani kuti china chagwa. Nambala ikasanduka "ena" kapena "ambiri", funsani kuti angati. Ndalama ikatchulidwa popanda yemwe anailandira ndi tsiku lake, imitsani msonkhano pomwepo, buku litsegulidwe.

Mankhwala ake ndi otopetsa pang'ono, koma si ovuta. Chidule chilichonse chichokere pa tsamba loyamba pomwe nkhaniyo inalembedwa, osati pa chidule cha mwezi watha. Mawu ofotokoza mukhoza kufupikitsa, koma ndalama, masiku, mayina ndi chiwerengero cha mabanja muzikopera ndendende. Pambali pa mfundo iliyonse lembani tsiku la msonkhano womwe inachokera, kuti wokayikira akapeze yekha. Ndipo musasakanize zomwe tagwirizana, zomwe wina walonjeza, ndi zomwe wina wangoganiza. "Alonjeza kupereka akakolola" ikhale choncho mwezi ndi mwezi mpaka chimanga chilowe m'nkhokwe.

Wina anena kuti buku likakula sitingamawerenge lonse. N'zoona, ndipo sizofunika. Nkhani zomwe zinatha, zisiyeni. Bwererani ku tsamba loyamba pa nkhani zokhazo zomwe sizinathe, monga ngongole, malonjezo ndi malisiti omwe sanabwere.

Komanso tsamba loyambalo likhoza kulakwika. N'chifukwa chake mlembi aziwerenga zomwe walemba msonkhano usanabalalike, anthu akadali pompo, kenako wapampando asayine.

Tsopano alembi, tsegulani mabuku anu. Aliyense apeze nkhani imodzi ya ndalama m'chidule chake chomaliza, aitsatire chammbuyo mpaka tsiku lomwe inalembedwa koyamba, ndipo atiwerengere mizere iwiriyo mokweza.